Ganyu wotayipa ma intavyu uku uli pa ntchito: werengani maola musanavomere

Ine ndimagwira ntchito ya mu ofesi kuno ku Lilongwe, kulowa 7:30 kuweruka 4:30, ndiye pambali pake ndimagwira ganyu womvetsera ma intavyu amene anthu a kafukufuku amakajambula m'midzi, kuwatayipa m'Chichewa kenako kuwamasulira m'Chingerezi. Ndalama yake imathandiza, lendi ya miyezi ina yatuluka mmenemo. Koma chaka choyamba ndinatsala pang'ono kutaya zonse ziwiri, ganyu ndi ntchito yomwe.

Zinayenda chonchi. Munthu wina ananditumizira ma intavyu 8, ambiri a ola limodzi, kuti ndimalize pa masabata awiri, ine nkuvomera pompo poganiza kuti odiyo ya ola limodzi ndi ntchito ya maola awiri basi. Sabata yoyamba ndinkagona 1 koloko usiku kudzuka 5, ndiye Lachinayi kunagwa maliro kwathu ku Ntcheu, ndinabwerako Loweruka usiku ndili wofookeratu. Ntchito ndinaipereka patapita masiku anayi dedilayini itadutsa, mafayilo awiri omaliza anabwezedwa chifukwa ndinali nditadumpha mayankho athunthu osazindikira, ndipo ku ofesi sabata yomweyo ndinatumiza lipoti lokhala ndi manambala a mwezi wathawo. Abwana sanakalipe, anangondifunsa kuti kodi kunyumba kuli bwino? Funso limene lija linandipweteka kuposa kukalipiridwa. Kuchokera pamenepo sindivomeranso ganyu ndisanachite masamu ali m'munsiwa, ndipo ngakhale ganyu wanu ndi wokonza mapositala kapena wolemba mapulopozo, njira yake ndi yomweyi, mungosintha manambala.

1. Pezani maola amene alidi anu

Tengani pepala mulembe sabata yanu mmene imayendera zenizeni, osati mmene mumafunira kuti iziyendera. Ukaweruka 4:30 sikuti wafika, pali kudikira minibasi idzaze, pali mzere wa magalimoto, ine ndimafika pakhomo cha m'ma 6 koloko. Kusamba, kudya, kuona homuweki ya mwana, 7 koloko yakwana. Ndiye anthu ambiri amati kuyambira 7 mpaka 12 ndi maola 5 tsiku lililonse, pa sabata 25. Ayi ndithu. Munthu amene wakhala pa kompyuta tsiku lonse sangamvetsere bwino mawu a agogo a ku Mchinji olankhula chapansipansi kwa maola 5 usiku, ola lachitatu likamakwana makutu amakhala akumva koma mutu sukugwiranso.

Zanga zinatuluka motere. M'mawa kuyambira 4:30 mpaka 6:00, Lolemba mpaka Lachinayi, ndi maola 6. Madzulo a Lachiwiri ndi Lachinayi kuyambira 7 mpaka 9, maola 4. Loweruka kuyambira 7 mpaka 12 masana, maola 5. Zonse pamodzi 15. Lachisanu mulibe, Lamulungu mulibe, dala.

Tsopano apa ndi pamene pali nkhani: pa maola 15 amenewo ndimagulitsa 10 okha. Asanu otsalawo si a kasitomala aliyense, ndi a magetsi akazima laputopu isanadzaze, a netiweki ikakana fayilo ikutsika, a tsiku limene abwana ati tikhale mpaka 7 chifukwa kukubwera alendo, a mwana akatentha thupi usiku, a maliro. Zimenezi sizingozi zoti zimachitika kamodzi pa chaka, sabata iliyonse chimodzi chimagwa ndithu, kungoti sudziwa kuti chigwa chiti. Sabata ikayenda bwino maola asanuwo ndimamalizira ntchito msanga kapena ndimangogona, koma sindiwalonjeza kwa munthu.

Chitaninso chimodzimodzi pa mwezi. Ntchito iliyonse ili ndi nyengo yake yolemera, yanga ndi masiku omaliza a mwezi pamene timatseka malipoti, sabata imeneyo madzulo ndimawerengera ziro. Kwa inu ophunzira tengani kalendala ya semesita mulembe masiku opereka ma asayimenti ndi a mayeso, masabata awiri mayeso asanayambe lembani ziro, ndipo maola owerenga achotseni kaye musanawerengere a ganyu, chifukwa kasitomala mupezanso wina koma kubwereza kosi kukudyerani ndalama yoposa ya ganyuyo.

2. Yezani liwiro lanu ndi wotchi

Musamve za anzanu kuti iwo amamaliza odiyo ya ola limodzi usiku umodzi. Tengani mphindi 10 za odiyo, yatsani wotchi ya pa foni, tayipani mpaka kumaliza, kuphatikiza kubwerera mmbuyo kukamvetsetsa mawu amene anakuphonyani, kulemba amene akulankhula, ndi kuwerenganso. Zikakutengerani mphindi 50 ndiye kuti odiyo ya ola limodzi ndi maola 5. Kenako masulirani zomwezo, yezaninso.

Ine pa intavyu ya anthu awiri yojambulidwa m'nyumba mopanda phokoso, kutayipa m'Chichewa kumanditengera maola 5 pa ola limodzi la odiyo, kumasulira ndi kuwerenganso maola 3, ndiye ndimawerengera 8. Koma zokambirana za pagulu, amayi 8 atakhala pansi pa mtengo, mphepo ikuwomba pa rekoda, mbuzi ikulira, awiri akulankhula nthawi imodzi wina akuseka, zimenezo zimafika maola 11 kapena 12 pa ola limodzi. Kumasulirako kulinso ndi zake. Mayi akati “mwana anali ndi mutu waukulu” kapena “zinali za kwa anthu”, sungangoika mawu a Chingerezi nkupitirira, umaima nkuganiza chimene akutanthauza, mwina kuika kandemanga kofotokozera, ndipo kuimako ndi nthawi. Nchifukwa chake muyeze mitundu iwiri ya odiyo, yoyera ndi yovuta, manambala awiriwo muwalembe pachikuto cha kope.

Chida chimasinthanso liwiro. Kudumphadumpha pakati pa pulogalamu yosewerera odiyo ndi Word kumadya nthawi yambiri zedi. Ine ndimagwiritsa ntchito oTranscribe, ndi yaulere, odiyo ndi malo otayipa zili pa tsamba limodzi, batani la `Esc` limaimitsa ndi kuyambitsanso, `Ctrl+J` imaika nthawi pamene mwafika. Mahedifoni ophimba khutu lonse ndi abwino kuposa timene timalowa m'khutu, makamaka m'mawa tambala wa aneba akayamba. Mukasintha chida yezaninso, nambala yanu yakale siigwiranso.

3. Musayankhe kuti eya tsiku lomwelo

Meseji ikabwera yoti pali ntchito, mtima umathamangira ku ndalama, makamaka pa 18 mwezi usanathe. Yankhani kuti mwalandira ndipo muyankha mawa m'mawa, koma akutumizireni kaye zinthu izi: mafayilo ndi angati ndipo lililonse ndi la mphindi zingati, akufuna Chichewa ndi Chingerezi zonse kapena Chingerezi chokha, akufuna mawu aliwonse mpaka ma “eee” ndi kuseka komwe kapena zokonzedwa, ali ndi fomu yawo yoti mutsatire, ndipo chachikulu akupatseni fayilo imodzi mumvetsere. Musamvetsere poyambira pokha pamene wofunsa akudzifotokoza ali pafupi ndi rekoda, dumphirani pakati ndi chakumapeto, ndi kumene mumve ngati woyankha anali patali kapena ngati mvula inayamba kugwa pa malata.

Tiyeni tichite masamu ndi ntchito ina imene ndinalandira. Ma intavyu 6, aliyense mphindi 45, anthu awiriawiri, odiyo yoyera, akufuna zilankhulo zonse ziwiri, ndipo akufuna pa masiku 10 kuyambira Lolemba. Mphindi 45 kuchulukitsa ka 6 ndi maola 4 ndi theka a odiyo. Kuchulukitsa ndi nambala yanga ija ya 8, ndi maola 36 a ntchito, kapena kuti intavyu imodzi maola 6. Ine ndimagulitsa maola 10 pa sabata, ndiye 36 ndi masabata atatu ndi theka kuposerapo pang'ono, tingoti anayi. Nanga pa masiku 10 awowo ndili ndi maola angati? Sabata yoyamba 10, Lolemba mpaka Lachitatu la sabata yachiwiri pafupifupi 4, zonse 14. Mu 14 mumalowa ma intavyu awiri, kutsala maola awiri. Awiri pa 6. Kale ndikanati eya ndikwanitsa, nkuyamba kudula tulo.

Ndinawalembera chonchi: “Zikomo pondiganizira. Ndamvetsera fayilo ija, ikumveka bwino. Pa masiku 10 ndingathe kumaliza ma intavyu awiri okonzedwa bwino, woyamba mudzalandira Lachisanu, wachiwiri Lachitatu linalo. Onse 6 ndingamalize pa masabata anayi, ndizikutumizirani mmodzimmodzi akatha. Ngati masiku 10 sangasinthe, ndipatseni awiri, anayi enawo mupatse anthu ena.”

Ndinkaopa kuti achoka. Iwo anati masiku 10 aja anali oti ayambe kuona zimene zikutuluka, lipoti lawo linali la mwezi wotsatira, ndiye tinagwirizana masabata anayi. Sikuti zimatha chonchi nthawi zonse, ena amachokadi nkupatsa munthu amene wavomera zonse, ndipo zimawawa kuona ndalama ikudutsa. Koma nthawi zambiri tsiku limene kasitomala amatchula koyamba limakhala ndi mpata mkati, ndipo mpatawo sungauone ukangovomera.

Pali njira zina ziwiri zowonjezera maola, zonse zili ndi mtengo wake. Mutha kutenga tsiku limodzi la tchuthi ku ntchito, limakupatsani maola ngati 6 otayipa bwino, intavyu imodzi, koma masiku atchuthi ndi ochepa ndipo mukawathera pa ganyu mudzapuma liti? Kapena kugawira mnzanu, koma mufunse kaye kasitomala chifukwa ma odiyo a kafukufuku ali ndi zinsinsi za anthu, matenda awo, za m'banja mwawo, ndipo nthawi zambiri amakusainitsani kuti simupatsa wina. Akalola, werengeraninso nthawi yoti mumvetsere ndi kukonza ntchito ya mnzanuyo, ine ndimaika ola limodzi ndi theka pa intavyu iliyonse, chifukwa dzina limene lili pa ntchitoyo ndi lanu.

4. Perekani pang'onopang'ono, woyamba msanga

Osasunga mafayilo onse kuti mudzatumize tsiku lomaliza. Woyamba apite m'masiku asanu oyambirira, nkuwapempha kuti aone ngati ndi mmene amafunira. Apa ndi pamene zimatulukira zoti amafuna nthawi ilembedwe pa funso lililonse, kapena mayina a anthu ndi a midzi achotsedwe, kapena Chichewa ndi Chingerezi zikhale mu tebulo moyandikana. Kukonza fayilo imodzi ndi mphindi 30, kukonza onse 6 pa usiku womaliza ndi kugona m'bandakucha.

Tsiku limene mwauza kasitomala lisakhale limene mwadziuza nokha. Ngati mwalonjeza Lachitatu, mu kope mwanu lembani Lolemba. Ndipo mukamaliza kugwira, ngakhale fayilo sinathe, ikwezeni pa Google Drive kapena mudzitumizire pa imelo, ndi ka bandulo kochepa. Laputopu muzichaja nthawi iliyonse magetsi alipo, osadikira batire ithe, ndipo ma odiyo onse muwatsitse tsiku loyamba kuti netiweki isadzakuimitseni pakati.

5. Ntchito yolembedwa musaisakanize

Werengani kontirakiti yanu muone ngati ikunenapo za ntchito zapadera, mabungwe ena amafuna muwadziwitse, ena amaletsa kugwirira anthu amene amachita zofanana ndi zawo. Ngati ikufuna kudziwitsa, dziwitsani, ndi bwino amve kwa inu kusiyana ndi kumva kwa ena. Laputopu ya ku ofesi, intaneti ya ku ofesi, pulinta ya ku ofesi, zonsezi zisakhudze ganyu, kuphatikiza apo ma odiyo a anthu aja sayenera kukhala pa kompyuta imene anzanu a ku ofesi angatsegule. Makasitomala auzeni poyambirira kuti mumayankha mameseji nthawi ya nkhomaliro ndi madzulo ikakwana 6, akadziwa sakwiya, chimene chimawakwiyitsa ndi kukhala chete osadziwa chifukwa. Ndikudziwa kuti masana ena ku ofesi kumakhala kopanda zochita ndipo mahedifoni ali m'chikwama momwemo. Ine ndinasiya, chifukwa tsiku limene mwalakwitsa kanthu kakang'ono pa ntchito, anthu amakumbukira kuti ankakuonani mutavala mahedifoni.

6. Pakati pa ulendo imani muwerenge

Theka la nthawi likakwana, werengani mafayilo amene atha. Pa ntchito ya masabata anayi ija, pakutha pa sabata yachiwiri amayenera kukhala atatha atatu. Ine anali awiri ndi theka, chifukwa intavyu yachitatu inali ya abambo ena olankhula mothamanga osakaniza ndi Chiyao, ndinachita kufunsa mnzanga tanthauzo la mawu angapo. Kutsalira ndi theka la fayilo ndi maola atatu, amenewo analowa mu maola asanu osungira aja, sindinauze aliyense. Koma mukapeza kuti mwatsalira kuposa zimene maola osungira a sabata imodzi angakwirire, lembani meseji tsiku lomwelo, osadikira kuti mwina wikendi ichita zodabwitsa. Nenani zitatu zokha, zimene zatha, zimene zatsala, ndi tsiku latsopano limene mwaliwerengera bwino. Mwachitsanzo, “Atatu atha ndatumiza, kwagwa maliro ndichokapo masiku awiri, otsalawo afika pa 24 m'malo mwa pa 21.” Munthu amene wamva kutatsala sabata amatha kusintha mapulani ake, amene wamva usiku wa dedilayini alibe pogwira, ndipo ndi amene sadzakuimbiraninso. Tsiku latsopanolo likhale limodzi, kusuntha kawiri ndiye kumathetsa chikhulupiriro.

7. Thupi limanena, limvereni

Kutopa kwa ganyu ameneyu kuli ndi zizindikiro zake zooneka. Mukabwereza chiganizo chimodzi katatu chonsecho odiyo ndi yoyera, vuto si odiyo. Mukapeza kuti mwatayipa zimene mumayembekezera kuti munthuyo anena osati zimene wanenadi, tsekani laputopu, chifukwa zimene mulembe kuyambira pamenepo mudzazikonzanso mawa, ndi mmene ndinadumphira mayankho nthawi ija. Zina ndi kupitirira siteji yanu mu minibasi muli mtulo, kukalipira mwana pa zazing'ono, mtima kugunda meseji ya kasitomala ikalowa, dzanja kuchita dzanzi usiku, m'makutu kulira mukavula mahedifoni. Za dzanzi ndi za m'makutuzo zikapitirira masiku angapo pitani kuchipatala, ndipo voliyumu musamaikweze mpaka kumapeto pofuna kumva mawu otsika, bola kuchepetsa liwiro la odiyo.

Malamulo anga ndi ochepa. Podzuka 4:15 ndiyenera kukhala nditagona ikamangopitirira 9, kuti tulo tifike maola 7, ndipo sindiphatikiza kugona mochedwa ndi kudzuka m'mamawa, ndi chimodzi kapena chinzake. Mphindi 45 zilizonse ndimavula mahedifoni nkuimirira mphindi zisanu. Lamulungu laputopu siitsegulidwa, ngakhale nditatsalira. Ndikamaliza ntchito yaikulu ngati ya masabata anayi ija, sabata yotsatira sinditenga ina. Ndipo ma intavyu ena ndi olemera mumtima, mayi akufotokoza mmene mwana wake anamwalirira pa njira yopita kuchipatala, iwe nkumabwereza mawu akewo kasanu kuti uwalembe bwino. Oterowo sindiwagwira usiku, ndimawasungira Loweruka m'mawa kuti ndikamaliza ndituluke panja ndikaone anthu.

Kwatsala za ndalama, chifukwa nazonso zimabweretsa kutopa. Ukagwira mwezi wathunthu malipiro nkuchedwa, umavomera ganyu wina pamwamba pa wina kuti utseke dzenje, ndiye masamu onse aja amatayika. Kwa munthu payekha ndimapempha theka ndisanayambe, pa Airtel Money kapena Mpamba, theka linalo fayilo yomaliza ikamapita. Mabungwe ambiri salipira ntchito isanathe, ndiye kumeneko ndimafunsa poyambirira kuti invoyisi ikalowa amatenga masiku angati ndiponso ngati amadulapo msonkho wa MRA, kenako pa ntchito yaitali ndimapempha kuti tigawe pawiri, mafayilo atatu oyamba akalandiridwa invoyisi yoyamba ilowe, isadikire enawo.